Kusanja chaputala chachiwiri potsata mafunso, osati mayina a olemba

Aliyense amene adawerengapo zolemba za ophunzira a chaka chomaliza ku yunivesite amachidziwa chaputala chachiwiri cha mtundu uwu. Ndime yoyamba imayamba ndi dzina la munthu ndi chaka. Yachiwiri, dzina lina ndi chaka china. Pofika tsamba la 12 mwakumana ndi anthu ambirimbiri, aliyense wapatsidwa ndime yake, waimirira, walankhula, wakhala pansi, ngati mboni pa bwalo la milandu kwa mfumu. Mboni zatha, koma palibe amene waimirira kunena kuti uyu ndi uyu akutsutsana pakutipakuti, ndipo chawasiyanitsa n'chakuti. Mlandu wangobalalika osagamulidwa.

Chaputala chimenechi ntchito yake ndi kuunika zomwe ena adalemba kale pa nkhani yomwe inu mukufuna kufufuza. Wophunzira akachilemba pepala ndi pepala sikuti ndi ulesi ayi. Nthawi zambiri amakhala atawerenga ndithu, ena mpaka usiku wonse. Vuto limachokera pa mmene adawerengera. Munthu umawerenga pepala limodzi, n'kulemba chidule chake m'kope, n'kutenga lina. Tsiku lolemba likafika, chomwe chili pafupi ndi zidule zija, ndiye umangozilumikiza ndi mawu akuti "komanso", "kuwonjezera apo", "mofananamo". Dongosolo lomwe udawerengera lasanduka dongosolo la chaputala, chonsecho owerenga alibe nalo ntchito.

Pali njira ziwiri zachangu zodziwira ngati chaputala chanu chagwa m'mbuna imeneyi. Yoyamba, werengani mawu atatu oyamba a ndime iliyonse, kutsika tsamba lonse. Mukapeza kuti ndi mayina a anthu okhaokha, basi matenda ndi omwewo. Yachiwiri, tengani ndime yachisanu muiike pamalo pa yachiwiri. Ngati palibe chomwe chasokonekera, ndiye kuti ndimezo sizidagwirane n'komwe. Ndime za mkangano weniweni sizisuntha chisawawa, chifukwa yachitatu imayankha zomwe yachiwiri yadzutsa.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenge mutu umodzi womwe udalembedwa kwambiri ndipo ophunzira a zachuma ndi zaulimi amaukonda: pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ku Malawi, ija ya makuponi, yomwe idayamba mu nyengo ya 2005/06 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, dziko litangotuluka m'chaka cha zokolola zoipa kwambiri. Idadziwika ndi dzina loti FISP mpaka mu 2020 pomwe idalowedwa m'malo ndi pulogalamu ina yotchedwa AIP. Pa ndondomeko yake, banja losankhidwa limayenera kulandira makuponi ogulira matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 lililonse, wokulitsa ndi wobereketsa, pamodzi ndi mbewu. Tiyerekeze kuti wophunzira wathu akufuna kufufuza ngati makuponi adasintha mbewu zomwe alimi a m'boma lina amadzala.

Akalemba pepala ndi pepala, zimatuluka motere. Denning ndi anzake mu 2009 adalemba kuti pulogalamuyi idakweza kwambiri zokolola za chimanga. Ricker-Gilbert, Jayne ndi Chirwa mu 2011 adapeza kuti feteleza wa kuponi amachepetsa feteleza amene alimi amagula okha. Chibwana, Fisher ndi Shively mu 2012 adapeza kuti olandira makuponi amadzala chimanga pa malo aakulu. Lunduka ndi anzake mu 2013 adati phindu la pulogalamuyi pa mabanja linali lochepa. Arndt ndi anzake mu 2016 adati phindu lake linali lalikulu kuposa momwe ena amawerengera.

Chiganizo chilichonse apa n'choona. Koma taonani zomwe zachitika. Woyamba akuti zokolola zidakwera kwambiri, wachinayi akuti phindu linali lochepa, wachisanu akuti linali lalikulu, ndipo wolemba wangodutsa ngati sadamve. Owerenga atsala ndi funso loti, nanga tikhulupirire ndani? Aphunzitsi oyang'anira akalemba m'mbali mwa tsamba kuti "mawu ako ali kuti?", amatanthauza zimenezi. Sakupempha maganizo a mumtima. Akufunsa chifukwa chake anthu asanu awa sakumvana, ndipo yankho lake ndi ntchito ya wolemba.

Tebulo lisanafike cholembera

Kukonza kumayambira pa kope, osati pa chaputala. M'malo molemba chidule cha pepala lililonse, jambulani tebulo, kaya pa pepala lalikulu kaya mu Excel. Pepala lililonse la kafukufuku likhale ndi mzere wake wopingasa. Madanga otsika akhale mafunso omwe mufunse mapepala onse mofanana: funso lomwe wolemba amafuna kuyankha, kumene adatenga ziwerengero zake, malo ndi zaka, njira yomwe adagwiritsa ntchito, chomwe adapeza, ndi chomwe njira yakeyo singathe kuona. Danga lomalizali ambiri amalisiya, koma ndi lomwe lidzakupatsani mawu anuanu.

Tidzaze mzere umodzi kuti muone kukula kwake. Pepala la Ricker-Gilbert, Jayne ndi Chirwa la 2011. Funso: kodi feteleza wa kuponi amawonjezera feteleza yense wothiridwa m'minda, kapena amangolowa m'malo mwa yemwe mlimi akadagula ndi ndalama zake? Ziwerengero: kafukufuku wa khomo ndi khomo, mabanja omwewo atayenderedwa kangapo. Chomwe adapeza: kilogalamu iliyonse ya feteleza wa kuponi imachotsa pafupifupi makilogalamu 0.22 a feteleza wogula pa mtengo wa msika, ndipo chiwerengerochi chinali 0.18 mwa osaukitsitsa ndi 0.30 mwa opezako bwino. Chomwe silingaone: zomwe zidachitikira mitengo ya chimanga kapena malipiro a ganyu m'dziko lonse, chifukwa limayang'ana banja ndi banja.

Manambala amenewa muwasandutse zinthu zogwirika musanapitirire, chifukwa chomwe simungachifotokoze ndi matumba simudachimvetse. Matumba awiri ndi makilogalamu 100. Mwa amenewa, 22 angolowa m'malo mwa feteleza yemwe akadagulidwa ndi kale, ndiye wowonjezereka m'munda ndi 78. Kuponi ikapita kwa wosaukitsitsa, wowonjezereka ndi 82. Ikapita kwa wopezako bwino, ndi 70 yekha.

Mukadzaza mizere yonse, siyani kuwerenga mopingasa. Werengani motsika, danga limodzi pa nthawi. Apa m'pomwe pali chinsinsi chonse cha njirayi, ndipo n'chopepuka moti munthu amachita manyazi kuchitchula chinsinsi. Kuwerenga mopingasa kumakubwezerani chidule cha pepala limodzi. Kuwerenga motsika kumaika mapepala onse pa funso limodzi, ndipo kusiyana kwawo kumaonekera kokha.

Tsikani danga la "kumene adatenga ziwerengero". Denning ndi anzake adadalira ziwerengero za boma za zokolola za dziko lonse. Mapepala omwe Lunduka, Ricker-Gilbert ndi Fisher adaunika mu 2013 adadalira kufunsa mabanja. Arndt, Pauw ndi Thurlow adapanga masamu a pa kompyuta oyerekeza chuma cha dziko lonse. Kenako tsikani danga la "chomwe adapeza". Mudzaona kuti mayankho akutsata gwero la ziwerengero ngati mthunzi. Odalira ziwerengero za boma akuona kukwera kwakukulu. Ofunsa mabanja akuona kukwera kocheperako. Owerengera chuma chonse akuona phindu lina lomwe ofunsa mabanja sangalione, monga kutsika kwa mtengo wa chakudya ndi kukwera kwa malipiro, zomwe zimafikira ngakhale amene sadalandire kuponi. Mkangano womwe unkaoneka ngati wa anthu wasanduka wa miyeso. Imeneyo ndiyo mfundo yanu yoyamba, ndipo siili m'chidule cha pepala lililonse mwa asanu aja. Mwaipeza nokha poyang'ana motsika.

Mitu imachokera pomwe pali kusamvana

Funso lomwe limavuta ambiri ndi lakuti mitu yosanjira chaputala ichokera kuti. Ena amaisankha asanawerenge, n'kumakankhira mapepala m'mabokosi omwe adakhoma kale. Zotsatira zake ndi mitu ngati "Feteleza", "Chimanga", "Umphawi". Amenewa ndi mayina a zinthu chabe. Pansi pa mutu woti "Chimanga" mutha kuikapo chilichonse, ndipo kawirikawiri munthu amangobwerezanso mndandanda uja wa mayina, kungoti tsopano wauduladula patatu.

Mutu wogwira ntchito ndi funso lomwe olemba awiri kapena kuposerapo adaliyankha mosiyana, kapena adaliyankha mofanana podzera njira zosiyana. Yesani kuulemba ngati funso lokhala ndi chizindikiro chofunsira kumapeto. Ukakana, si mutu. Pa nkhani ya makuponi, tebulo limatulutsa mafunso atatu omwe wophunzira wathu akuwafuna. Kodi chimanga chidawonjezereka motani? Kodi makuponi ankafikira ndani? Kodi olandira adasintha zomwe amadzala? Pali mafunso enanso, monga la ndale za pulogalamuyi, lomwe Blessings Chinsinga adalembapo kwambiri, ndi la ndalama zomwe boma linkawononga, zomwe Dorward ndi Chirwa adaonetsa kuti mu 2008/09 zidafika pafupifupi 16 peresenti ya bajeti ya dziko pomwe mtengo wa feteleza udakwera pa msika wa dziko lapansi. Mafunso amenewa ndi enieni, koma wofufuza za mbewu zodzalidwa awatchule m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'kupitirira. Kusiya pepala lomwe udalivutikira kuwerenga kumawawa, ndikudziwa. Koma chaputala si lisiti yoonetsa kuti udalipira.

Chachiwiri chomwe chimadabwitsa ophunzira n'chakuti pepala limodzi limang'ambidwa. Lija la 2011 lilowa pa funso loyamba, chifukwa ngati feteleza wowonjezereka ndi makilogalamu 78 osati 100, chimanga chowonjezereka chiyenera kuwerengedwa pa 78. Lilowanso pa funso lachiwiri, chifukwa kusiyana kwa 82 ndi 70 kukutanthauza kuti kusankha olandira kumasintha kuchuluka kwa feteleza wofika m'nthaka. Ndiye lidzatchulidwa kawiri, masamba osiyana, paliponse chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndipo palibe pomwe lidzafotokozedwe lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ena amaopa kuti uku n'kubwereza. Sikubwereza, chifukwa malo aliwonse mukutengako chinthu china. Koma mukaona kuti pepala lililonse likupezeka pansi pa mutu umodzi wokha, kayikirani mitu yanuyo.

Tsopano tilembenso ndime ija. Ambiri mudzailemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa:

"Olemba amavomerezana kuti chimanga chidawonjezereka pulogalamuyi itayamba, koma amasiyana pa kuchuluka kwake, ndipo kusiyanaku kumatsata gwero la ziwerengero zawo. Odalira ziwerengero za boma, monga Denning ndi anzake mu 2009, amaona kukwera kwakukulu. Kafukufuku wa m'mabanja, yemwe Lunduka ndi anzake adamuunika pamodzi mu 2013, amaonetsa kukwera kocheperako, ndipo olembawa akuti zimenezi n'zogwirizana ndi zomwe zinkaoneka pa msika, pomwe mtengo wa chimanga udakwera ndipo dziko lidapitiriza kuitanitsa chimanga kunja m'zaka zambiri za pulogalamuyi. Chimodzi chomwe chingafotokoze phindu lochepali n'chakuti si feteleza yense wa kuponi amene anali wowonjezera: Ricker-Gilbert ndi anzake mu 2011 adapeza kuti pafupifupi makilogalamu 22 mwa 100 aliwonse ankalowa m'malo mwa wogula. Komabe kufunsa mabanja kuli ndi malire ake, chifukwa sikuona phindu lofikira osalandira, lomwe Arndt ndi anzake mu 2016 adaliwerengera kuti ndi pafupifupi magawo awiri mwa asanu a phindu lonse."

Olemba ndi omwewo, zopeza ndi zomwezo. Chasintha n'chiyani? Chiganizo choyamba chilibe dzina la munthu, ndi chigamulo cha wolemba, ndipo mayina akubwera pambuyo ngati mboni zochichirikiza. Mawu olumikiza asinthanso. "Komanso" wachoka, m'malo mwake mwalowa "koma", "chifukwa", "chimodzi chomwe chingafotokoze", "komabe". Mawu otere sungawalembe usadaganize, chifukwa lililonse likunena ubale wa zinthu ziwiri, ndipo ubalewo ukhoza kukhala wolakwika. N'chifukwa chake munthu wamantha amathawira kwa "komanso", yemwe salakwa chifukwa sanena kanthu. Onaninso kuti Chibwana ndi anzake sadalowe m'ndimeyi. Malo awo ali kutsogolo.

Pomwe awiri akuoneka ngati akutsutsana

Funso lachitatu ndilo mtima wa kafukufuku wa wophunzira wathu, ndiye tikhalepo pang'ono. Chibwana, Fisher ndi Shively adafunsa alimi ku Kasungu ndi ku Machinga, ndipo adapeza kuti olandira makuponi ankapereka malo ambiri ku chimanga ndi fodya, n'kuchepetsa malo a mbewu zina monga mtedza, soya ndi nyemba. Holden ndi Lunduka, omwe adayendera mabanja m'maboma asanu ndi limodzi a chigawo chapakati ndi chakumwera mu 2006, 2007 ndi 2009, adaona gawo la munda lodzalidwa chimanga likuchepa m'zaka zimenezo. Wina akuti chimanga chikulanda malo, wina akuti chikubweza malo.

Wolemba pepala ndi pepala amaika awiriwa pa masamba otalikirana ndipo kusamvanako sikuoneka n'komwe. Wongoyamba kumene kusanja potsata mitu amawaika pamodzi, n'kulemba kuti "zopeza n'zosiyanasiyana", n'kuthawa. Chiganizo chimenechi ndimachida kuposa zonse, chifukwa chimaoneka ngati kuunika pomwe ndi kugonja. Bwererani ku tebulo, danga la njira. Oyambawo akuyerekeza alimi olandira ndi osalandira pa nyengo imodzi. Achiwiriwo akutsata mabanja omwewo zaka zikamapita. Amenewa ndi mafunso awiri osiyana, ndipo mayankho onse awiri akhoza kukhala oona nthawi imodzi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone mmene zingakhalire. M'mudzi wina, chaka choyamba aliyense amadzala chimanga pa mizere 8 mwa 10 iliyonse. Patapita zaka zitatu, olandira kuponi akudzala pa mizere 7, osalandira pa mizere 6. Wobwera chaka chachitatu chokha adzanena zoona kuti olandira amadzala chimanga chambiri kuposa anzawo. Wobwera zaka zonse adzanenanso zoona kuti malo a chimanga achepa m'mudzi monse. Palibe wanama.

Ngakhale kaganizidwe ka mlimi kamalola mbali zonse ziwiri. Wina akapeza feteleza amati, chimanga tsopano chikubereka, ndikuze munda wake. Mnzake amati, nkhokwe yanga tsopano idzadza ndi munda wochepa, kotsalako ndidzale mtedza wogulitsa. Amene achite chiti zingatengere kukula kwa munda wake, msika wa mtedza kwawoko, ndi pakamwa pomwe akudyetsa. Ndime yabwino pa funso ili imanena zonsezi: kuti zopeza ziwirizi zidayezedwa mosiyana, kuti sizikufafanizana, ndiponso kuti chomwe sichidathetsedwe ndi mtundu wa banja lomwe limakuza chimanga ndi lomwe limachichepetsa.

Chenjezo limodzi apa. Pofotokoza chifukwa chomwe awiri asiyanirana, siyanitsani zomwe olembawo adanena ndi zomwe inu mukuganiza. Ngati ndi inu mwaona kuti kusiyana kwa njira ndiko kungakhale gwero, lembani kuti "izi zikhoza kuchokera pa", osaika mawuwo m'kamwa mwa munthu yemwe sadawanene. Kusanja potsata mitu kuli ndi ngozi yakeyake imeneyi: pofuna kuti ndime iyende bwino, munthu amapinda zopeza za wina kuti zilowe m'gulu. Mumapeza mayina asanu aunjikidwa kumapeto kwa chiganizo chimodzi ngati onse adanena chimodzimodzi, chonsecho wina adafufuza ku Zambia, wina adayeza mbewu osati feteleza, wachitatu adangotchula nkhaniyo podutsa. Musanaunjike mayina, tsegulani tebulo muone ngati aliyense payekha angavomere chiganizocho atachiwerenga.

Dongosolo la mitu, ndi zomwe zimasokonekera

Mitu ikapezeka, iyenera kutsatana mwanzeru. Njira yomwe imagwira kawirikawiri ndi kuyamba ndi funso lomwe olemba agwirizanapo kwambiri, n'kumalowera komwe kuli mkangano, n'kuthera pa funso lomwe lili pafupi ndi kafukufuku wanu. Kwa wophunzira wathu, kuchuluka kwa chimanga kuyambe, kenako olandira, pomaliza mbewu zodzalidwa. Ndipo pakati pa mitu pakhale mlatho weniweni. Funso la olandira likutsatira la chimanga chifukwa manambala aja a 82 ndi 70 aonetsa kuti zokolola zimatengera yemwe walandira. Funso la mbewu likutsatira la olandira chifukwa ngati makuponi sankagwa mwa mwayi, ngati opezako bwino ndi odziwika m'mudzi anali ndi mpata waukulu wowapeza monga kafukufuku wambiri wa m'mabanja adaonetsera, ndiye kuti kuyerekeza olandira ndi osalandira n'kovuta: mwina olandirawo anali kale ndi minda ikuluikulu ya chimanga kuponi isanabwere. Mwaona, mutu wachiwiri wakonzera owerenga kuti amvetse vuto la mutu wachitatu. Mukasinthanitsa iwiriyi, chaputala chigwa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mitu isakhalenso yofanana kutalika. Woyamba ukhoza kukhala tsamba limodzi, womaliza masamba anayi. Pa chaputala cha digiri yoyamba kapena yachiwiri, mitu itatu mpaka isanu imakwana. Mukafika pa khumi, ndiye kuti mwabwerera ku mndandanda podzera khomo la kuseri, pepala lililonse lapeza kamutu kake.

Pali kasanjidwe kena kofala kwambiri komwe kamanamizira kukhala kotsata mitu: kuyamba ndi "Kafukufuku wa pa dziko lapansi", kenako "wa mu Africa", pomaliza "wa ku Malawi". Uku n'kusanja potsata mapu. Choipa chake n'chakuti kumalekanitsa mapepala omwe akuyankha funso limodzi. Funso lija la feteleza wa boma kulowa m'malo mwa wogula lidafufuzidwanso ku Zambia ndi ku Kenya, ndipo malo a zopezazo ndi pambali pa za ku Malawi, m'ndime imodzi, pomwe owerenga angaone ngati 22 uja ndi wamkulu kapena wamng'ono poyerekeza ndi kwina. Ngati dipatimenti yanu imakakamiza mitu ya mapu imeneyi, musalimbane nayo. Isungeni pamwamba, koma m'kati mwa gawo lililonse sanjani potsata mafunso omwewo, motsatana chimodzimodzi.

Nanga pepala lokana kulowa paliponse? Pali zotheka ziwiri. Mwina silikukhudza funso lanu, lichotseni. Mwina likuloza mutu womwe simudauone, ndiye fufuzani ngati lili ndi anzake. Chosayenera ndi kutsegula gawo la "Kafukufuku wina" kumapeto, dzala lotayamo zotsala.

Sikuti kusanja potsata mitu n'koyenera paliponse. Mbiri ya pulogalamu, kuchokera pa timapaketi taulere ta feteleza ndi mbewu ta 1998 kudzera pa makuponi a 2005 kufika pa AIP, imafuna kutsata zaka, ndipo ndime imodzi kapena ziwiri zotere kumayambiriro zimathandiza. Pepala lomwe njira yake mukufuna kuibwereka yonse liyeneranso ndime yakeyake, chifukwa owerenga ayenera kuidziwa bwino njirayo. Ndipo pa nkhani yomwe idalembedwa ndi anthu atatu okha, kuwapanikiza m'mitu n'kuchulutsa gaga m'diwa. Afotokozeni mmodzimmodzi, kenako muwayerekeze.

Chomaliza chomwe tebulo limakupatsani ndi mpata womwe kafukufuku wanu adzatseke. Ophunzira ambiri amalemba kuti "palibe amene adafufuza nkhaniyi m'boma lakwathu", zomwe zikhoza kukhala zoona koma sizikhutiritsa woyesa mayeso, chifukwa adzafunsa kuti, tsono boma lanulo lili ndi chiyani chomwe chingasinthe yankho? Wophunzira wathu ali ndi chonena cholemera kuposa pamenepo. Pa funso lachitatu, tebulo lake likuonetsa kafukufuku mmodzi woyerekeza olandira ndi osalandira pa nyengo imodzi, wina wotsata mabanja kwa zaka zingapo, ndi funso lotsala la mtundu wa banja lomwe limakuza chimanga ndi lomwe limachichepetsa. Asanalembe kuti funsolo palibe adaliyankha, abwerere kukasaka ndi mawu a funso lenilenilo, makamaka m'zolembedwa za zaka zaposachedwa, chifukwa danga lopanda kanthu m'tebulo nthawi zina limangotanthauza kuti sudawerenge mokwanira. Likakhalabe lopanda kanthu, chiganizo chomaliza cha chaputala chachiwiri chinene zomwe zatsalazo, ndipo chaputala chachitatu chiyambe ndi mabanja angati, a minda yaikulu bwanji, omwe akawafunse.